Mmene ndinakonzera chimangirizo changa chobwerezabwereza

Aphunzitsi atandibwezera chimangirizo changa chokamba za kudula mitengo mwachisawawa, m'mbali mwa ndime yachiwiri ndi yachinayi munali mawu akuti "wanena kale". Pa ndime yachitatu anafunsa kuti mfundo yake ndi iti.

Ndisanafufute kanthu, ndinakopera chiganizo choyamba cha ndime iliyonse papepala lina, n'kuziwerenga motsatizana. Ziganizo zimenezi pazokha ziyenera kufotokoza nkhani yonse mwachidule. Zanga sizinatero. Chachiwiri chinkati kudula mitengo kumawononga nthaka, chachinayi chinkati nthaka imaguga mitengo ikatha. Mfundo ndi imodzi yomweyo, mawu okha ndiwo anasintha. Ndinaphatikiza ndime ziwirizo, n'kusiya chitsanzo champhamvu chokha, cha madzi a mvula okokolola nthaka yachonde pamalo otsetsereka.

Ndime yachitatu ndiyo inandivuta kwambiri. Inkayamba ndi mawu akuti "Palinso mavuto ena ambiri", chiganizo chomwe chingakhale m'chimangirizo chilichonse. Ndinadzifunsa kuti kwenikweni ndimeyi ikutsimikizira chiyani, ndipo yankho ndinalipeza litabisala kumapeto kwake. Ndinalikweza pamwamba: "Mitengo ikatha m'mbali mwa mtsinje, dothi limadzaza mumtsinjemo ndipo madzi amasefukira msanga." Kenaka chiganizo chilichonse chotsatira ndinachiyesa ndi mfundoyi. Cha utsi wa makala, ngakhale ndinkachikonda, sichinkagwirizana nayo, choncho chinachoka.

Kubwereza kumene ndinakusiya dala ndi kwa liwu lakuti "kukokoloka", chifukwa kulisinthasintha kukanachititsa wowerenga kuganiza kuti ndikunena zinthu zosiyana.