Foni Ikati Ili ndi Vayirasi, Musaimbe Nambalayo

Abale a ku Mzuzu, foni ikangolira mwadzidzidzi nkulemba zofiira kuti yagwidwa ndi vayirasi ndipo muimbe nambala inayake msanga, musaimbe. Limenelo ndi tsamba chabe la pa intaneti, ndipo tsamba silingathe kupima foni yanu. Google kapena Microsoft saika nambala ya foni pa chenjezo lawo.

Musadine ngakhale pomwe alemba OK. Tsekani tsambalo mu Chrome. Pa kompyuta likakana kutseka, dinani Alt+F4.

Mukaimba, akubawo amakuuzani kuti muike pulogalamu ya AnyDesk, kenako amaona zonse zimene mukuchita, ngakhale mukulemba nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Ngati mwaika kale, zimitsani intaneti, chotsani AnyDesk, ndipo sinthani nambala yachinsinsiyo lero lomwe.