Momwe mungasankhire njira yolandirira ndalama kuchokera kwa kasitomala wakunja

Mnyamata wina wa pa Mchinji boma, amene amamasulira zikalata za kampani ya ku Germany, anandiwonetsa uthenga wa banki pa foni yake nkhope ili yakugwa. Anagwira ntchito ya madola 300, koma atawerengera kwacha zimene zinalowa anapeza kuti madola angapo athera m'njira. Zimenezi zimapeweka ngati muwerengera ntchito isanayambe.

Choyamba, musafunse kuti "njira imeneyi imadula zingati?" Funsani kuti pa dola iliyonse imene mwagwirira ntchito, ndi makwacha angati amene afike m'manja mwanu. Ndalama imadyedwa malo atatu: potumiza, posintha kukhala kwacha, ndi potapa. Lembani zonse zitatu papepala, chotsani, kenako gawani zotsalazo ndi madola amene munalemba pa invoisi.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Enieniwo mukawafunse ku banki kwanu tsiku lomwelo. Kasitomala watumiza madola 300 kudzera ku banki, pa SWIFT, njira imene mabanki a m'maiko osiyanasiyana amatumizirana ndalama. Banki ya pakati, imene inuyo simudzaiona nkomwe, yadula madola 25. Otsala 275 asinthidwa pa K1,700, ndipo banki yanu yatengapo K15,000. Mwatsala ndi K452,500, kutanthauza K1,508 pa dola.

Tsono ndalama yomweyo ibwere kudzera ku makampani otumiza ndalama, monga Western Union kapena Mukuru, n'kugwera mu Airtel Money kapena TNM Mpamba. Tinene kuti adula madola 6, asintha pa K1,680, ndipo kutapa kwa ejenti kwadya K8,000. Mwatsala ndi K485,920, pafupifupi K1,620 pa dola. Apa foni yapambana ndithu.

Koma ndalama ikakula zinthu zimatembenuka. Madola 25 aja sasintha kwenikweni ngakhale mutumize zambiri, choncho pa madola 1,500 banki ikupatsani pafupifupi K1,662 pa dola, pomwe ku foni zodula zikukwera limodzi ndi ndalamayo, komanso akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama imene ingasunge. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti ngati kasitomala ndi wokhulupirika, gwirizanani azilipira kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu m'malo motumiza pang'onopang'ono. Dziwaninso kuti njira za pafonizi zinapangidwira achibale otumizirana thandizo, ndipo makampani ambiri akunja salola kulipira ntchito mwa njira imeneyi chifukwa amafuna umboni wa banki m'mabuku awo.

Mukasankha banki, pali kanthu kakang'ono kamene ambiri sakadziwa. Pa fomu imene kasitomala amalemba pali malo osankha wolipira zodula: `OUR`, `SHA` kapena `BEN`. Akasankha `OUR`, zodula zonse ndi zake. `SHA` ndiye kuti mwagawana, ndipo za banki ya pakati zimagwera inu. `BEN` zonse zili pamutu panu. Lembani pa invoisi penipeni kuti malipiro atumizidwe pa `OUR`. Mnyamata uja zinamuchitikira chifukwa kasitomala anasankha `SHA`, popanda womuuza.

Mupatseni kasitomala dzina lanu ndendende monga lilili pa akaunti ndi pa chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti, ndi nambala ya SWIFT ya banki yanu. Chilembo chimodzi chikalakwika, ndalama imaima kapena kubwerera itadulidwa kale. Sungani invoisi ndi kalata ya mgwirizano, pakuti banki ili ndi udindo wofunsa kumene ndalama yachokera. Sabata ikatha osaona kanthu, pemphani kasitomala akutumizireni chikalata cha banki yake chotsimikiza kuti ndalama inatumizidwa, chimene ambiri amachitcha `MT103`, mupite nacho ku banki akailondole.

Ngati mumalandira pafupipafupi, funsani za akaunti ya ndalama zakunja, imene amaitcha `FCDA`. Amene anali ndi madola mu akaunti yotere mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, sanalire ngati anzawo. Koma musanatsegule funsani zinthu ziwiri: gawo limene malamulo a Reserve Bank of Malawi akufuna kuti lisinthidwe kukhala kwacha ndalama ikangolowa, ndi zodula za mwezi ndi mwezi. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye muwafunse a ku banki akulembereni.

Ndikudziwa kuti kuno ku Mchinji, Chipata ndi pafupi, ndipo ena amakunong'onezani kuti mulandirire ku Zambia n'kudzasintha kwa anyamata a pa Mwami pa mtengo wokwera. Kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo akakupatsani ndalama zachinyengo mulibe kokadandaula. Simutsalanso ndi pepala lililonse loonetsa ku MRA, kapena ku banki tsiku limene mudzafune ngongole.