Momwe mungalembere mitundu mu pulomputi kuti zithunzi zanu zioneke za banja limodzi

Tiyerekeze kuti mumagulitsa chiponde ku Area 25 ndipo mukufuna zithunzi 6 zoika pa Facebook: botolo pa tebulo, mtedza m'lichero, mayi akukazinga, mwana akupaka pa buledi, ndi zina ziwiri. Mukazipanga ndi pulogalamu ya AI yojambula zithunzi osatchulapo mitundu, china chidzatuluka chowala ngati masana a mu Okutobala, china cha mdima ngati kukubwera mvula. Mapulogalamu ambiri amayamba chithunzi chilichonse ngati chatsopano, ndipo chimene simunalembe mu pulomputi, kutanthauza mawu amene mumailembera pulogalamuyo, amadzisankhira okha.

Choyamba, sankhani mitundu itatu basi, ndipo muitenge pa katundu wanu weniweni. Pa chiponde tingatenge kirimu wa mtedza wosenda, kufiira kwa dothi la katondo, ndi kubiriwira kwa masamba a mtedza. Agawireni ntchito monga amachitira okonza zithunzi: mtundu waukulu utenge magawo 60 pa 100, wachiwiri 30, wachitatu 10. Kirimu akhale nsalu ndi malo opanda kanthu, katondo akhale khoma kapena mbale, chobiriwira chizingooneka apo ndi apo. Mitundu ikafika isanu kapena kupitirira, pulogalamu imasankhapo iwiri pa chithunzi ichi, ina iwiri pa chinacho, ndipo kufanana kuja kumatha.

Chachiwiri ndi kutchula mitunduyo bwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Lembani m'Chingerezi, chifukwa mapulogalamuwa Chichewa amachimva mopereweza. Komanso ife mawu akuti "chobiriwira" timatha kunenera tsamba ngakhalenso thambo, ndiye mukadalira womasulira wa pa foni mukhoza kulandira buluu pamene mumafuna mtundu wa tsamba. Musalembe `red` yekha, pakuti tomato, magazi ndi njerwa zonse ndi zofiira. Tchulani chinthu chokhala ndi mtunduwo. Nambala zoimira mitundu pa kompyuta, monga `#B5532A` ya kufiira kwa katondo, zisungeni kuti muziyezera pamapeto. Mapulogalamu ambiri amangoziyandikira, sazitsata ndendende.

Tsopano lembani chiganizo chimodzi cha mitundu, muchisunge mu foni:

```
Colour palette: warm cream, terracotta clay red, small deep leaf green accents. Muted tones, soft morning window light.
```

Chiganizochi muzichikopera kumapeto kwa pulomputi iliyonse osasintha ngakhale liwu limodzi. Mukalemba `terracotta` lero, mawa `brick red`, mwapempha mitundu iwiri yosiyana. Taonani kuti kuwala kwalowa momwemo. Nsalu ya kirimu pa dzuwa lolowa imasanduka yachikasu, pansi pa mitambo imatuwa, choncho kuwala kukasintha mitundu yonse yasintha nako.

Chachitatu, m'chigawo chofotokoza chithunzi, mangirirani mtundu uliwonse ku chinthu chake:

```
Glass jar of peanut butter on a warm cream cloth, terracotta clay wall behind, one deep leaf green sprig.
```

Mukapanda kutero mitundu imatayikira pena. Mudzaona chiponde chobiriwira kapena chivindikiro chofiira chimene simunapemphe. Pa zithunzi za anthu vutoli limapweteka kwambiri: nkhope ya mayi wokazinga uja imatenga kufiira kwa khoma n'kuoneka ngati wadzola dothi. Onjezerani `natural dark brown skin` pafupi ndi mawu otchula munthuyo.

Mtundu wosafunika musaukane m'kati mwa chiganizo, chifukwa mapulogalamu ena akangoona `blue` amaujambula ngakhale patsogolo pali `no`. Mu pulogalamu ya Midjourney lembani `--no blue` kumapeto. Mu pulogalamu ya Stable Diffusion ikani `blue` m'bokosi la `Negative prompt`.

Musathamangire kupanga zonse 6, mungangotha bandulo. Limbanani ndi chimodzi mpaka chikhale bwino, kenako chikhale chitsanzo cha zinzake. Mu Midjourney mumaika `--sref` kenako linki ya chithunzicho, ndipo zotsatira zimatengera mitundu ndi maonekedwe ake. Mapulogalamu ena ali ndi poika chithunzi chotsanzira.

Poyesa, ikani zonse pamodzi zili zazing'ono, monga zimaonekera mu galare ya foni, mutazimitsa kuwala kwa usiku kumene kumachititsa sikirini kukhala yachikasu. Chosochera chimadziulula chokha. Ngati mukukayika, tsegulani GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, gwiritsani chida chake choonetsa nambala ya mtundu cha `Color Picker` pa khoma la chithunzi chilichonse, muyerekeze ndi `#B5532A` uja. Kusiyana pang'ono kukonzeni pomwepo pochepetsa kapena kuwonjezera kutentha kwa mitundu. Koma ngati khoma lasanduka pinki kapena kwalowa thambo labuluu, bwererani ku pulomputi: kawirikawiri mudzapeza liwu ngati `outdoor` kapena `market` limene labweretsa mitundu yake. Chithunzi chimenecho chilowetseni m'nyumba, kapena mulembe kuti kumbuyo kuli khoma la katondo lodzaza chithunzi chonse.