Mmene ndinalekera kufunsa anthu za mphuno yanga

Kwa nthawi yaitali ndinali ndi chizolowezi chotumizira anzanga chithunzi n'kuwauza kuti, "Tandipatsani malikisi pa khumi." Wina akati 8, mtima unkakhala m'malo kwa kanthawi kochepa, kenaka nkhawa ija n'kubweranso: mwina wangondimvera chisoni. Wina akati 6, ndiye basi, tsiku lonse pagalasi, kuunguza mphuno uku ndi uku.

Mlangizi wa zamaganizo ndi amene anandimasulira. Anati mpumulo wachidule uja umaphunzitsa ubongo kuti nkhawa singathe popanda kufunsa, ndiye mawa lake umafunsa kawiri. Zili ngati kukanda chipere.

Ndinawauza anzanga kuti ndikafunsa azingoyankha kuti, "Tinapangana kuti zimenezo ayi." Chilakolako chofunsa chikabwera, ndinkadikira mphindi 15 ndisanagwire foni, n'kulemba kukula kwa nkhawayo ndisanadikire komanso nditadikira. Masiku oyamba inakwera koopsa (izi n'zoyembekezereka, ndipo ambiri amagonjera pomwepa). Pang'onopang'ono inayamba kutsika yokha popanda wondiyankha. Galasi ndinalisiyira pokonzeka m'mawa, nditaima patali, osati kuyandikitsa nkhope.