Kapimidwe ka phazi ndi kasinthidwe ka saizi ya nsapato: malangizo kwa ogula ndi ogulitsa pa intaneti

Nambala yolembedwa pa nsapato siikhala ndi tanthauzo ngati simunadziwe kuti ndi ya dziko liti. Muno mu Zambia tinazolowera manambala a UK, omwenso amagwiritsidwa nchito ku South Africa. Munthu akati "ndimavala 8", kawirikawiri amatanthauza UK 8. Koma 8 wa amuna wa ku America ndi wocepa kuposa pamenepo, ndipo 8 wa akazi wa ku America ndi wocepa kwambiri. Cimene sicisintha ndi utali wa phazi lanu m'masentimita. Yambirani pamenepo, nambala ibwere pambuyo.

Kupima phazi

Pezani pepala, pensulo ndi lula kapena tepi ya telala. Pimani madzulo, cifukwa mapazi amatupako munthu akayenda tsiku lonse. Valani masokosi amene mudzavalira nsapatoyo.

Ikani pepala pansi pa simenti kapena pa matailosi, m'mphepete mwake mugunde cipupa. Imirirani papepalapo, cidendene cikhudze cipupa, thupi lilemere mofanana pa miyendo yonse iwiri. Musapime muli cikhalire, pakuti phazi limatambasuka mukaliponda. Wina aike cizindikiro pamene pathera cala cacitali koposa. Kwa anthu ambiri ndi cala cacikulu, koma kwa ena ndi caciwiri. Pensulo iime ciriri. Ikapendekera pansi pa cala mumataya mamilimita angapo, ndipo theka la saizi ya UK ndi mamilimita 4 cabe. Kenako pimani kucokera kumphepete kwa pepala kufika pacizindikiro.

Citani cimodzimodzi ndi phazi linalo. Mapazi awiri a munthu mmodzi safanana ndendende, conco tengani muyeso wa lalikulu.

Cifukwa cake manambala sagwirizana

Saizi ya EU, ya ku Ulaya, imakwera ndi mamilimita 6.67 pa nambala iliyonse, pamene ya UK ndi ya US imakwera ndi mamilimita 8.47, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a inci. Masaizi anayi a UK amatenga mtunda wofanana ndi masaizi pafupifupi asanu a EU. N'cifukwa cake cizolowezi cakuti "onjezera 34 pa nambala ya UK kuti upeze ya EU" cimagwira pakati pokha: UK 8 ndi EU 42, koma UK 4 ndi EU 37, ndipo UK 12 ndi EU 47.

Cina n'cakuti manambala a EU ndi a UK sacokera pa phazi. Amacokera pa cikombole cimene nsapato imaumbidwirapo ku fakitale, comwe cimaposa phazi ndi masentimita 1.5 kapena 2 kuti zala zipeze malo. Fakitale iliyonse imasankha yokha kukula kwa mpata umenewu. Nsapato ziwiri zolembedwa 42 zingasiyane mukazivala, popanda wina wonama.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tinene kuti bambo wina wapima, phazi lamanzere lakwana masentimita 25.8, lamanja 26.2. Titenga 26.2.

EU = (utali wa phazi mu cm + 1.5) × 1.5

Apa 26.2 kuonkhetsa 1.5 ndi 27.7, kuculukitsa ndi 1.5 ndi 41.55. Kwezani nambala, musatsitse: EU 42.

UK ya akulu = (utali wa phazi mu cm ÷ 2.54) × 3 − 23

26.2 kugawa ndi 2.54 ndi mainci 10.31, kuculukitsa ndi 3 ndi 30.93, kucotsapo 23 kutsala 7.93. Imeneyi ndi UK 8.

Ya US ya amuna nthawi zambiri ndi UK kuonjezera 1, ndiye kuti US 9. Koma makampani amasiyana apa: pa Nike US 9 ya amuna ndi UK 8, pamene pa adidas US 9 ndi UK 8.5. Saizi ya akazi ya US imakhala pamwamba pa ya amuna ndi 1 kapena 1.5 malinga ndi kampani, conco mayi wogula nsapato ya maseŵero ayang'ane ngati nambalayo yalembedwa M ya amuna kapena W ya akazi.

Samalani kwambiri ndi nsapato zocokera ku China. Kumeneko kuli mitundu iwiri ya manambala. Atsopano ndi mamilimita, monga 255, 260, 265. Akale amaoneka ngati a EU koma amawerengedwa motere:

saizi yakale ya ku China = (cm × 2) − 10

Ndiye kuti 42 wa ku China ndi wa phazi la masentimita 26.0. Phazi la bambo wathu la 26.2 lapitirira, afunika 265, yomwe ndi 43. Akaoda 42 poganiza kuti ndi EU 42 yake ya masiku onse, nsapato ingabwere yothina, cala n'kumagunda kutsogolo.

Zilembo CM kapena JP pa kalebulo ka pansi pa lilime la nsapato zimathandiza, koma nazonso musazitenge ngati muyeso weniweni wa phazi. Nike ya amuna ya UK 8 imalembedwa CM 27, ngakhale imakwana phazi locepera pamenepo. Ngati kampani ili ndi tebulo lake lolembedwa "Foot length", kutanthauza utali wa phazi, tsatani limenelo. Limaposa masamu onse ali pamwambawa.

Kwa ogulitsa

Musalembe "saizi 42" kapena "saizi 8" basi. Lembani dongosolo lake, ndi utali wa phazi limene nsapatoyo ikwana, motere: UK 8 / EU 42 / phazi la 26.0 mpaka 26.5 cm. Jambulaninso kalebulo ka m'kati kuti wogula adzionere yekha.

Nsapato za salaula nthawi zina kalebulo kamakhala katafufutika, kapena cikopa citatambasuka. Zikatero, tulutsani copondapo ca m'kati, cipimeni kucokera kucidendene mpaka kunsonga, ndipo nenani momveka kuti umenewu ndi utali wa m'kati mwa nsapato. Wogula acotsepo sentimita 1 kapena 1.5 kuti adziwe phazi loyenera. Copondapo ca masentimita 27.5 ndi ca phazi la pafupifupi 26 mpaka 26.5. Mukalemba 27.5 osafotokoza, munthu wa phazi la 27.5 adzagula, ndipo siidzamulowa. Soli yakunja musapime n'komwe, imatalika kuposa m'kati, makamaka pa majombo ndi nsapato za kunchito.

Utali suuza zonse. Wa phazi lotambalala kapena lokwera pamwamba azunguze tepi pamene phazi lakula kwambiri, kumbuyo kwa zala, atumize muyesowo kwa wogulitsa. Pa nsapato yosongoka kutsogolo, kukweza theka la saizi kumathandiza. Kukweza saizi yathunthu kumacititsa cidendene kumavuka poyenda, matuza n'kutuluka.

Nsapato za ana

Manambala a UK a ana amafika pa 13 kapena 13.5, kenako amayambiranso pa 1. Conco 1 ndi wamkulu kuposa 13, ndipo 12 wa mwana si 12 wa munthu wamkulu. Pa oda lembani kuti ndi ya mwana, ndi masentimita ake. Pogula nsapato ya kusukulu siyani mpata wa sentimita 1 mpaka 1.5 kutsogolo kwa cala, ndipo mupimenso mwanayo temu iliyonse isanayambe, osadalira muyeso wa caka catha.

Nsapato ikafika, iyeseni m'nyumba pamalo oyera, mapazi onse awiri, mutaimirira ndi masokosi. Pakati pa cala cacitali ndi nsonga ya nsapato pakhale mpata wonga m'lifupi mwa cala cacikulu ca kudzanja. Bokosi ndi malebulo musataye mpaka mutatsimikiza, cifukwa ogulitsa ambiri salandira nsapato yobwezedwa ngati soli yaponda kale fumbi.