Kuyeza ndime ngati yagwirana

Funso: “Mlongo wanga wa Fomu 1 walemba chimangirizo chofotokoza msika wa Lizulu. Ndidziwa bwanji kuti ndime zake zagwirana?”

Yambani ndi ndime imodzi, achimwene. Dulani mzere kunsi kwa chiganizo chomwe chanyamula mutu wa ndimeyo. Kawirikawiri chimakhala choyamba. Ngati analemba kuti “Lizulu ndi msika wabwino,” chiganizocho ndi chotakata kwambiri, chilichonse chingalowemo. Koma “Ku Lizulu ndiwo zamasamba zimachita kusefukira” chikulonjeza chinthu chimodzi basi.

Kenako phimbani ndimeyo ndi pepala, muzitsegula chiganizo chimodzichimodzi, n'kumafunsa ngati chikukwaniritsa lonjezolo. Milu ya kabichi, inde. Tomato wofiira psuu m'mabeseni, inde. Basi inachedwa ku Ntcheu, ayi. Chimenecho chizungulizeni. Musathamangire kuchifufuta, chifukwa nthawi zina chimakhala mbewu ya ndime ina.

Zozungulizidwa zikaposa zotsala, vuto ndi chiganizo chotsogolera, osati zinazo. Mufunseni mwanayo pakamwa kuti ndimeyi ikukamba chiyani. Zomwe angayankhe mosaganiza kwambirizo, alembe zomwezo pamwamba.