Jenereta yanga yomwe imazima pampu ikangolizidwa

Jenereta yanga ya dizilo ya 30 kVA imandizunguza mutu, pampu ya 15 kW ikangolizidwa magetsi amaphethira, kontakita, swichi yomwe imalumikiza pampu ku magetsi, nkumalira khwakhwakhwa kenako zii, zonse zazima. Chonsecho pampuyo ikamayenda imakoka ma ampu 28 okha pa 400 V, pomwe jenereta imakwanitsa 43.

Ndinapana klampu mita, chida choyezera ma ampu, pa waya mnzanga akuliza pampu, inaonetsa pafupifupi 170. Mota yolizidwa mwachindunji imakoka kasanu ndi kamodzi kuposa nthawi zonse, ndiye apa ndi 120 kVA zogwera jenereta kamodzinkamodzi, volteji imagwa kwambiri mpaka koyilo ya kontakita kulephera kugwira. Ine ndinagula poyang'ana katundu akamayenda basi, apo mpomwe ndinaphonya.

Ndinaika sitala ya sitaa-deluta, iyi imatsitsa ma ampu olizira kufika gawo limodzi mwa atatu, ngati 40 kVA. Zinachepako koma injini imabanikabe, utsi wakuda tolotolo, mafirikwensi kutsika mpaka 44 Hz, chifukwa kompuresa ndi magetsi onse zimalowa limodzi ndi pampu. Injini ya tabo siilandira katundu yense mwakamodzi, tabo imafuna kanthawi kuti ipope mphepo, ndiye onani pa pepala la jenereta yanu katundu amene imalandira pa sitepe yoyamba.

Ndinasintha nkutenga ya 60 kVA, ndaikanso ma taima, pampu imayamba yokha, patatha masekondi 10 kompuresa, kenako zotsalazo. Pano volteji imangotsika ndi 15% nkubwerera msangamsanga, kontakita ili phee.